Zomwe chithunzi cha nkhumba chingakuuzeni

Wogulitsa msoti wa nkhumba akakutumizirani chithunzi chimodzi pa foni, musafulumire kutumiza ndalama. Pemphani zitatu zojambulidwa masana nkhumba itaima pa simenti: cha kumbali, cha kumbuyo, ndi cha pamimba.

Cha kumbuyo chimaonetsa thupi. Msana ukatuluka ngati mtanda wa denga, mafupa a m'chiuno nkumaonekera, nkhumbayo ndi yowonda ndipo imachedwa kutenga bere. Yonenepa mpaka tsinde la mchira kumira m'mafuta imavutika pobereka. Yoyenera imakhala pakatikati.

Cha kumbali chimaonetsa miyendo. Onani ngati yaponda ndi miyendo yonse mofanana, mfundo sizinatupe, ndipo zikhadabo ziwiri za phazi lililonse n'zolingana. Mwendo wofooka sungapirire kulemera kwa mphongo pokwerana.

Pamimba werengani mawere. Akhale osachepera 12, otalikirana bwino. Tinene kuti mwawerenga 14, koma atatu ndi olowa mkati: ogwira ntchito ndi 11 basi, ndipo ikabereka ana 12, mmodzi adzasowa poyamwa.

Komabe chithunzi sichionetsa kutsimphina, ndipo ubweya wa nkhumba zachikuda umabisa mafupa. Pemphani kanema ikuyenda, ndipo mukafika pakhola isisiteni pamsana musanalipire.