Kuchira Pambuyo pa Opaleshoni ya Mudzi

Ambiri mwa abale athu amene achitidwa opaleshoni ya mudzi, nthenda imene ena amaitcha mapailozi, saopa mpeni wa dokotala monga mmene amaopera ulendo woyamba wa kuchimbudzi. Popeza nthendayi njochititsa manyazi, wodwala safunsa, ndipo mantha akewo ndiwo amakulitsa vuto.

Njira yodziwika kwambiri yochotsera mudzi ndi ija imene madokotala Milligan ndi Morgan a ku London anafotokoza mu 1937. Amadula zotupazo, nasiya mabala osasoka kuti apole okha, zimene zimatenga masabata 4 mpaka 6. Khungu la pamenepo limamva ululu msanga, ndiponso mnofu wotseka njira ya chimbudzi umakungika ukamva bala. Nchifukwa chake sabata loyamba limawawa kwambiri.

Titenge chitsanzo cha bambo wa ku Highridge, m'tauni ya Kabwe, amene wachitidwa opaleshoniyi Lachiwiri nabwerera kunyumba Lachitatu. Asayembekeze kuti ululu uyambe wafika posauzana ndipo amwe mankhwala. Panado wa mamiligalamu 500 amamwedwa mapilitsi awiri pa maola 6 alionse, osapitirira mapilitsi 8 pa tsiku, pakuti wochuluka amaononga chiwindi. Dokotala akalola, aonjezerepo ibupulofeni atadya chakudya. Koma wa zilonda za m'mimba kapena wa nthenda ya impso asamwe ameneyu. Kodini ndi tramado amathetsa ululu waukulu, komabe amaumitsa chimbudzi, choncho ngomwa masiku ochepa okha. Thandizo lina ndi beseni la madzi ofunda, osati otentha. Akhalemo mphindi 10 kapena 15, katatu pa tsiku, kuti mnofu wokungika uja umasuke.

Chimbudzi choyamba kawirikawiri chimabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Kwa bambo wathuyu, ndiye kuti Lachinayi kapena Lachisanu. Apa mpamene ambiri amalakwa. Amaleka kudya, kapena amadzigwira, poganiza kuti bala liyambe lapola. Koma chimbudzi chikakhalitsa m'matumbo, thupi limachiyamwa madzi, nichiuma gwa, ndipo potuluka chimapweteka koposa. Nchifukwa chake dokotala amapereka mankhwala ofewetsa monga lakitulozi, amene kawirikawiri amamwedwa mamililita 15 m'mawa ndi madzulo, kuyambira tsiku loyamba, popeza amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti agwire ntchito.

Ngati nkotheka, amwe mankhwala a ululu theka la ola asanapite, koma chikamugwira asachedwe. Pa chimbudzi chokhalira, apondetse mapazi pa kampando kakafupi, aweramire kutsogolo, napume mwakachetechete osadzikakamiza. Zikakanika kwa mphindi zisanu, anyamuke, ayendeyende, akayesenso nthawi ina. Akatha asapukute ndi pepala louma kapena nyuzipepala, koma asambe ndi madzi ofunda. Timadontho ta magazi ndi kuwawa kwa kanthawi si zodabwitsa. Koma likafika Loweruka asanachite chimbudzi, auze a chipatala, ndipo asalowetse kanthu kalikonse m'njiramo popanda chilolezo chawo.

Tsono amene mukuphikira wodwala, ntchito yaikulu ili m'manja mwanu. Ufa woyera, uja timati bulekifasi, anauchotsa gaga, pamene gaga ndiye amasunga madzi m'chimbudzi kuti chifewe. M'masabata amenewa phikani phala ndi nsima ya mgaiwa, kapena ufa wa rola. Ndiwo zikhale chibwabwa, kalembula, bondwe, therere ndi nyemba zopsa bwino, ndipo papaya, mango kapena malalanje zisasowe. Muonjezere zakudyazi pang'onopang'ono kuti mimba isatupe ndi mpweya. Madzi akhale malita awiri pa tsiku, ngati makapu 8, kupatula ngati dokotala anachepetsa chifukwa cha mtima kapena impso, pakuti gaga wopanda madzi amaumitsanso. Tsabola ayambe waima, chifukwa amaotcha pabala potuluka. Mowa nawonso uime, makamaka kwa amene akumwa fulajilu.

Pali zizindikiro zosayenera kugona nazo m'nyumba. Wodwala akatha maola 8 osakodza pamene chikhodzodzo chadzaza, akatentha thupi, akatuluka mafinya onunkha, kapena ululu ukamakula m'malo mochepa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Tichenjere makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, pamene ulusi womanga mtsempha umayamba kumasuka. Magazi ambiri, oundana kapena osaleka, ndiponso chizungulire, zimafuna chipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Zonse zikayenda bwino, bambo wathuyu angabwerere ku ntchito yopepuka patapita masabata awiri, koma katundu wolemera ndi njinga ziyembekeze kufikira mabala atapola. Nsima ya mgaiwa ndi madzi ambiri asazisiye atachira, chifukwa chimbudzi chouma ndi kudzikakamiza zikabwerera, mudzi nawonso ungathe kuphukanso.