Mwaphonya Yankho pa Intavyu: Kodi Kauthenga Kokonza Kangathandize?

Yankho labwino limakonda kufika mochedwa. Munthu watuluka kale m'chipinda cha intavyu, wakwera minibasi, ndiye mutu umatseguka: "Koma abale, funso lija ndinayankha chiyani?" Ambiri amangoti madzi akatayika saoleka, n'kukhala chete kudikira zotsatira. Ena amatulutsa foni pomwepo n'kulemba chiuthenga chachitali chopepesa, chomwe chimangowonjezera vuto. Pakati pa njira ziwirizi pali ina yomwe nthawi zina imathandiza: kauthenga kakafupi kokonza chinthu chimodzi chomwe ofunsa anachimva mosiyana ndi momwe inu mumatanthauzira. Kauthenga kotere si intavyu yachiwiri, ndipo sikayenera paliponse.

Zomwe zimachitika mukatuluka

Kuti mudziwe mphamvu ya kauthengaka, yambani mwadziwa zomwe zimatsala zikuchitika m'chipindamo. M'makampani ndi m'mabungwe ambiri ofunsa amakhala atatu, anayi kapena asanu. Aliyense amakhala ndi fomu yake, mafunso amakhala omwewo kwa onse oitanidwa, ndipo malikisi amalembedwa inu muli pomwepo kapena mutangotseka chitseko. Womaliza akatuluka, ofunsawo amaphatikiza malikisi, amakambirana za anthu awiri kapena atatu omwe ali pamwamba, n'kulemba lipoti lopita kwa mkulu wovomereza.

Apa pali zinthu ziwiri zoti muzigwire. Choyamba, malikisi omwe alembedwa kale sasinthidwa kawirikawiri chifukwa cha uthenga wobwera pambuyo, chifukwa kutero n'kulakwira anzanu omwe sanapatsidwe mwayi woyankha kachiwiri. Chomwe uthenga ungathe kuchita ndi kuchotsa chikayiko pa nthawi yokambirana, pomwe wina mwa ofunsa akuti, "Uyu ndi wabwino, koma yankho lake lija landiopsa." Chachiwiri, nthawi ndi yochepa. Uthenga wofika tsiku lomwelo, kapena m'mawa wa tsiku lotsatira, ukhoza kupeza nkhani ikadali pa tebulo. Wofika patatha sabata umapeza lipoti litasayinidwa.

Ntchito za boma zili ndi njira yake. Ku Malawi anthu ambiri amalembedwa kudzera m'makomishoni, monga oona zolemba aphunzitsi, ogwira ntchito zaumoyo kapena a m'makhonsolo, ndipo kumeneko chomwe chimawerengedwa ndi chomwe mwanena pamaso pa ofunsa. Zolengeza ntchito zambiri, za boma ndi za mabungwe zomwe, zimachenjeza kuti wonyengerera ofunsa kumbali adzachotsedwa pa mndandanda. Mukaona chenjezo lotere, musalembere wofunsa aliyense. Mungalembere ofesi yomwe inakuitanani basi, ndipo pa zinthu zooneka monga nambala ya foni yomwe yasintha kapena satifiketi yomwe anakuuzani kuti mubweretse.

Si yankho lililonse lofunika kulitsatira

Mayankho omwe amatisowetsa tulo ali mitundu itatu. Pali funso lomwe simunalidziwe n'komwe. Mukafika kunyumba n'kufufuza yankho, kenako n'kulitumiza ngati kuti mumalidziwa kale, ofunsa amazindikira, chifukwa anakuonani mukusowa chonena. Limeneli lisiyeni. Pali yankho loona koma lofooka: munachita chibwibwi, munaiwala chitsanzo chabwino, munalankhula mozungulira. Ilinso lisiyeni. Ofunsa amaona anthu amantha tsiku lonse, ndipo mwina aiwala kale kachibwibwi kanu. Mukalemba, ndinu amene mwawakumbutsa.

Mtundu wachitatu ndiwo woyenera uthenga. Ndi pomwe mawu anu apereka chithunzi cholakwika pa chinthu chomwe ntchitoyo yatsamirapo, monga kukhulupirika pa ndalama ndi katundu, chitetezo cha odwala kapena cha ana, kapena pomwe mwanena mfundo yosakhala yoona. Chitsanzo chofala ndi funso lakuti mungayambe liti. Chifukwa chofunitsitsa ntchito munthu amayankha kuti "ngakhale Lolemba lomweli", kuiwala kuti komwe akugwira ayenera kupereka notisi. Lamulo la ntchito la ku Malawi la chaka cha 2000 limati wolandira malipiro pa mwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo mgwirizano wake wa ntchito ukhoza kufuna yoposa pamenepo. Kukonza tsiku lotere si kupempha chifundo. N'kuwathandiza olemba ntchito kuti asakonze zinthu pa tsiku lomwe simungafike.

Njira yodziyesera ndi iyi: lembani chiganizo chimodzi cha zomwe ofunsa anamva, ndi china cha zomwe mumatanthauza. Ngati ziganizo ziwirizo zikusiyana kwenikweni, muli nacho cholemba. Ngati chachiwiricho chikungonena zomwezo m'mawu okoma, ikani foni pansi.

Matumba 12 operewera

Tiyerekeze kuti mayi wina wakayesedwa pa ntchito ya ukalaliki wosunga katundu pa kampani yogulitsa zipangizo za ulimi. Wapampando akumufunsa kuti: "Kadi yolembapo katundu ikuonetsa kuti muli matumba 400 a feteleza, koma mwawerenga mwapeza 388. Mutani?" Mayiyo, mtima ukugunda, akuyankha kuti, "Ndikonza kadiyo kuti igwirizane ndi katundu amene alipo." Akuona mmodzi mwa ofunsa akukweza maso, n'kulemba kanthu pa fomu, ndipo funso lotsatira likubwera iye asanawonjezepo.

Mayiyu ntchito amaidziwa, ndipo m'maganizo mwake kukonza kadi ndi chinthu chomaliza pambuyo pa zinthu zina zitatu. Koma chomwe chafika m'makutu a ofunsa n'chakuti matumba 12 akasowa iye amangofufuta nambala n'kulemba ina, ndipo umu ndi momwe kuba kumabisikira m'nyumba zosungiramo katundu. Apa zomwe anamva ndi zomwe ankatanthauza zatalikirana, pa chinthu chomwe kalaliki amalembedwera ntchito. Uthenga ukuyenera.

Mtima ukadali m'mwamba, ambiri amalemba motere: "Pepani kwambiri bwana, lero ndinasokonezeka chifukwa sindinagone bwino, mwana akudwala. Ndikudziwa kuti sindinachite bwino koma chonde mundiganizire, ntchitoyi ndikuifunitsitsa." Muli kupepesa, muli chifukwa, muli pempho, koma yankho la funso lija mulibe. Choipa kwambiri n'chakuti mawu akuti "sindinachite bwino" akugwetsa intavyu yonse, pomwe vuto linali pa funso limodzi.

Uthenga woyenera ukhoza kukhala wotere:

"Mayi, zikomo pondipatsa mwayi wa intavyu ya ukalaliki wa katundu lero m'mawa. Pa funso la matumba 12 operewera ndinayankha kuti ndingakonze kadi, ndipo mawuwo sanafotokoze zomwe ndimachita. Ndikapeza kusiyana kotere ndimawerenganso katunduyo pali munthu wina, ndimayang'ana zikalata zolandirira ndi zotulutsira katundu kuyambira tsiku lomwe tinawerenga komaliza, kenako ndimalembera bwana lipoti tsiku lomwelo. Kadi ndimaisintha pokhapokha bwana atavomereza ndi kusayinira. Ngati malamulo anu akulola, chonde mawuwa afike kwa omwe anandifunsa. Ine wanu."

Pansi pake pabwere dzina lonse monga lilili pa kalata yofunsira ntchito, ndi nambala ya foni.

Onani momwe kaimira. Chiganizo choyamba chikukumbutsa wowerenga kuti ndinu ndani ndipo munabwerera ntchito iti, chifukwa mwina tsiku limenelo aona anthu khumi. Chachiwiri chikutchula funsolo ndi zomwe munanena, osabisa, osadzinyoza. Malo aakulu apita ku yankho lenileni, zochita zitasanjidwa m'ndondomeko yake, mwakuti wodziwa ntchito yosunga katundu akawerenga azindikira kuti wolembayo anazichitapo. Chiganizo chomaliza chikusiya mphamvu m'manja mwawo: akhoza kuupereka uthengawo kapena kuusunga. Palibe pomwe mayiyu wapempha kuti malikisi asinthidwe.

Mawu akuti "ndimachita" ali ndi malire ake. Alembeni ngati munazichitadi, chifukwa olemba ntchito amaimbira foni anthu omwe munawatchula kuti akuchitireni umboni. Ngati simunagwirepo ntchitoyo koma munaiphunzira kusukulu, lembani kuti "ndingachite".

Kwa yani, ndipo kudzera pati

Tumizani kwa munthu amene anakuitanani ku intavyu, yemwe nthawi zambiri amakhala wa ofesi yoona za antchito. Ngati anakuitanani pa imelo, tsegulani imelo yomweyo n'kudina Reply, kuti uthenga wanu ukhale pansi pa kalata yawo ndipo usasowe. Ngati anakuitanani pa WhatsApp kapena pa uthenga wamba wa pafoni, yankhani pomwepo, koma molemba, mu uthenga umodzi, nthawi ya ntchito. Uthenga wa mawu ojambulidwa sungaikidwe mu fayilo, ndipo kuimba foni kumamuika munthuyo pamalo ovuta, oti akuyankheni pomwe sakuloledwa kunena kanthu.

Musafunefune nambala ya wapampando kudzera kwa msuweni kapena mnzanu wa kutchalitchi amene amagwira komweko. Ngakhale mawu anu atakhala oyera, njira yomwe adzera idzaoneka ngati khomo lakuseri, ndipo wofunsa wosamala adzauza anzake kuti mwamupeza kumbali. Chilankhulo chikhale chomwe munagwiritsa ntchito pa intavyu: ngati inali ya Chingerezi, lembani Chingerezi chosavuta, chopanda mawu odula a pamacheza. Musanatumize, dikirani ola limodzi kapena awiri mtima ukhale pansi, muwerenge mokweza, ndipo muchotse chiganizo chilichonse chonena za mantha anu m'malo monena za ntchito.

Mukatumiza

Kawirikawiri yankho silibwera, kapena limabwera la mawu awiri oti alandira. Kukhala chete kumeneko sikutanthauza kuti mwalephera, chifukwa ofesi zambiri siziyankha aliyense mpaka zonse zitatha. Musatumize wachiwiri wofunsa ngati woyamba unafika, ndipo musakumbukire funso lina n'kulikonzanso mawa lake. Kukonza kamodzi kumaonetsa munthu wosamala. Kukonza katatu kumaonetsa munthu amene mawu ake oyamba sadalirika.

Akakuitanani ulendo wachiwiri, yembekezerani kuti funso lija libweranso, mwina litasintha pang'ono: katundu wapezeka wochuluka kuposa wolembedwa pa kadi, kapena amene akukuuzani kuti musinthe nambala ndi bwana yemweyo. Ofunsa adzafuna kuona ngati zomwe munalemba zimatulukanso pakamwa panu popanda nthawi yokonzekera. Choncho sungani uthengawo, muuwerenge musanapite, ndipo mukonzekere kufotokoza gawo lililonse ndi chitsanzo cha ntchito yomwe munagwirapo.