Ndalama imodzi, eni ake ambiri

Wogula wa ku America akalowa pa msika wa pa intaneti monga Etsy kapena Amazon, amatha kusankha katundu wa ogulitsa atatu amene sadziwana n'komwe, koma polipira amagwiritsa ntchito khadi lake la kubanki kamodzi kokha. Kwa iye nkhani yathera pomwepo. Kwa eni msika, ntchito yayamba kumene, chifukwa ndalama yalowa pakhomo limodzi pamene eni ake ndi osachepera asanu: ogulitsa atatu aja, msika weniweniwo, ndi kampani imene yayendetsa malipiro a khadi.

Choyamba chofunika kumvetsa n'chakuti ndalamayo sigawika nthawi imene wogula walipira. Chimene chimagawika nthawi imeneyo ndi zolemba. Zili ngati mwini okala amene amayi atatu amusiyira mandasi, mtedza ndi thobwa kuti awagulitsire: ndalama zonse zimalowa m'kabati imodzi, koma m'kope mwake amalemba za aliyense payekha, ndipo amadzawapatsa madzulo atachotsapo yake. Msika wa pa intaneti nawo umasunga kope lotere. Wogulitsa akaona pa akaunti yake kuti ali ndi $45, ndiye kuti msika wavomera kuti uli naye ngongole ya $45. Ndalamayo imafika kubanki kwake patapita masiku.

Tiyeni titsatire oda imodzi. Wogula watenga mbale yadothi ya $50 kwa wogulitsa woyamba, nsalu ya $30 kwa wachiwiri, ndi sopo wa $20 kwa wachitatu. Zonse pamodzi ndi $100. Tiyerekeze kuti msikawu umadula komishoni ya 10 pa 100 iliyonse. Misika yeniyeni imasiyana: Etsy inakweza yake kufika pa 6.5 pa 100 mu 2022, pamene Amazon imadula 15 pa 100 pa mitundu yambiri ya katundu. Pa msika wathuwu woyamba alandira $45, wachiwiri $27, wachitatu $18, ndipo $10 yatsala kwa msika.

Koma $10 imeneyi si phindu lonse. Kampani yoyendetsa malipiro imatenga yake ndalama isanafike n'komwe m'manja mwa msika. Mtengo wodziwika wa Stripe, imodzi mwa kampani zotere, pa makhadi a ku America ndi 2.9 pa 100, kuwonjezerapo masenti 30 pa malipiro alionse. Pa $100 imeneyo ndi $3.20. Motero m'akaunti ya msika mumalowa $96.80, mumatuluka $90 ya ogulitsa, mumatsala $6.80. Mukaphatikiza $45, $27, $18, $6.80 ndi $3.20 mupeza $100 ndendende. Kuphatikiza kumeneku ndiye muyeso woyamba wa kagawidwe kalikonse: zigawo zikapanda kubwerera pa ndalama imene wogula analipira, ndiye kuti wina wadyeredwa kapena wapatsidwa zosakhala zake.

Masenti 30 aja akutiuzanso chifukwa chake msika sufuna kuti wogula alipire katatu. Akanalipira wogulitsa aliyense payekha, masentiwo akanadulidwa katatu, ndiponso khadi likanatha kuvomera malipiro awiri n'kukana achitatu, oda n'kutsala yatheka.

Pa Stripe Connect, njira yogawira ogulitsa angapo imatchedwa `separate charges and transfers`. Msika umalandira malipiro amodzi pa akaunti yake, kenako umatumiza lamulo losamutsa ndalama kwa wogulitsa aliyense. La wogulitsa woyamba limakhala ndi zinthu izi:

```
amount=4500
currency=usd
destination=acct_A
transfer_group=ORDER_100
```

Mzere womaliza ndi chizindikiro chimene chimamanga malipiro a wogula ndi masamutso onse atatu kukhala mtolo umodzi, kuti owerengera ndalama adzathe kuzilondola. Komishoni ilibe lamulo lakelake m'njira imeneyi. Ndi ndalama imene yangotsala osatumizidwa. Onaninso kuti $45 yalembedwa `4500`. Makompyuta sasunga bwinobwino manambala ena okhala ndi kadontho, choncho ndalama amaziwerenga m'masenti athunthu.

Ngakhale zili choncho, masenti savomera kugawika nthawi zonse. Wogula akakhala ndi kuponi yochotsera $10 pa katundu wa ogulitsa atatu wa mtengo wofanana, aliyense achotseredwa $3.33, ndipo zitatuzo zipanga $9.99. Senti imodzi yasowa mwini. Msika uyenera kukhala ndi lamulo losasinthasintha: kaya sentiyo ipite kwa amene chotsalira chake n'chachikulu, kaya msika uisenze wokha. Wina angaione yaing'ono, koma pa maoda mamiliyoni imasiyanitsa zolembedwa m'kope ndi zimene zili kubanki, ndipo kusiyana kosadziwika chiyambi chake kumabisa zolakwika zazikulu. Funso lina pa kuponi yomweyo n'lakuti ndani waipereka. Ngati ndi msika umene ukufuna kukopa ogula, $10 iyenera kuchoka pa komishoni yake, ogulitsa alandire zawo zonse. Ine ndimaona kuti msika umene umalengeza zotchipitsa n'kuzidula kwa ogulitsa asanavomere ukuchita chinyengo, ngakhale utazilemba m'timalemba ting'onoting'ono ta mgwirizano.

Povuta kwenikweni ndi pamene ndalama yayamba kubwerera m'mbuyo. Tinene kuti nsalu ija yafika yong'ambika, wogula akufuna $30 yake. Iye analipira msika, choncho wobweza ndi msika. Msikawo uyenera kukatenga $27 kwa wogulitsa wachiwiri, n'kuwonjezerapo $3 ya komishoni imene unadya pa nsaluyo. Ogulitsa ena awiri sakhudzidwa, ndipo n'chifukwa chake kope liyenera kusunga mtengo ndi komishoni ya chinthu chilichonse pachokha, osati ya oda yonse mophatikiza. Koma Stripe sibweza $3.20 imene inadula poyamba. Msika watsala ndi komishoni ya $7 pa malonda a $70, koma walipira mtengo woyendetsera $100, ndiye m'thumba mwake mwatsala $3.80.

Nanga wogulitsa wachiwiri uja ngati anatapa kale $27 yake? Akaunti yake imalowa m'ngongole, ndipo msika umadikira kuti udzadule pa malonda ake otsatira. Akasiya kugulitsa, msika ndiwo umaluza. Zimaipiraipira wogula akapita kubanki yake kukakana malipiro onse, mwina ponena kuti khadi lake linabedwa. Angathe kutero ngakhale patapita masiku 120, ndipo banki imalanda $100 yonse kwa msika, osafunsa kuti inagawidwa bwanji, kuphatikizapo chindapusa cha mlanduwo.

Apa m'pamene pamachokera khalidwe limene ogulitsa ambiri amadandaula nalo, losungiridwa ndalama. Amazon imasunga ndalama za ogulitsa ambiri mpaka patadutsa masiku 7 katundu atafika kwa wogula, ndipo misika ina imasunga gawo la ndalama za wogulitsa watsopano kwa nthawi yotalikirapo. Chifukwa chake n'chomveka, koma mtolo wake umagwera wogulitsa wamng'ono amene amafuna ndalama ya lero kuti akapikule katundu wa mawa. Komanso kusunga ndalama za eni ake si chinthu chimene kampani iliyonse ingangochita. Ku Ulaya, lamulo la PSD2 litayamba kugwira ntchito mu 2018, misika yambiri inayenera kusankha: kutenga chiphaso choyendetsera malipiro, kapena kusiya ndalamazo m'manja mwa kampani yokhala nacho kale, monga Adyen kapena Stripe. Kampani zoterezi sizitumiza ndalama kwa wogulitsa zisanatsimikize kuti iye ndi ndani ndipo akaunti ya kubanki ndi yakedi. Wogulitsa wa sopo uja akachedwa kutumiza chiphaso chake, $18 yake imaonekabe pa akaunti, koma situluka mpaka mapepala atakwanira.