Vuto lili kumaliseche, musauze adokotala kuti ndi msana

Alipo anthu amene amalawirira ku chipatala, kukhala pa mzere m'mawa wonse, koma akalowa n'kufunsidwa kuti "Chavuta n'chiyani?" amangoti "Msana," kapena "M'mimba mukundipota." Amatuluka ndi panado, nthenda imene inawadzutsa mbandakucha n'kubwerera nayo kunyumba.

Zimenezi zimandidetsa nkhawa chifukwa m'zipatala zathu zambiri, makamaka zazing'ono, matenda opatsirana pogonana sadikira zotsatira za ku labotale. Adokotala amasankha mankhwala potengera zimene mwawauza ndi zimene aona pokuyezani. Mankhwala a munthu amene akutuluka mafinya ndi ena, a munthu wa zilonda ndi enanso. Mukabisa, mwawasocheretsa.

Tiyerekeze bambo wapabanja amene akumva kuwotcha pokodza, ndipo m'mawa akumapeza mafinya pa kabudula wam'kati. Zayamba Lolemba, lero ndi Lachitatu. Sabata yatha anagona ndi mayi wina popanda kondomu. Kukonzeka kwake kuyambire kunyumba, ndi chiganizo chimodzi chokha choti akayambire: "Adokotala, vuto langa lili kunjira ya abambo, ndikutuluka mafinya ndipo ndikamakodza mukuwotcha, lero tsiku lachitatu." Achinene mokweza kangapo ali yekha, pakuti mawu amene anatulukapo kale pakamwa savuta kuwabwereza. Ngati akudziwa kuti pamaso pa munthu lilime lidzamulemera, alembe pa kapepala n'kukaika m'buku lake la kuchipatala, kuti adokotala akangolitsegula akaone. Sikofunika kutchula mawu olaula. "Njira ya abambo," "njira ya amayi" kapena "kumaliseche" ndi mawu aulemu amene azachipatala amawamva tsiku ndi tsiku.

Chiganizo chija chikatuluka, zotsala ndi kuyankha mafunso, ndipo mafunsowo ndi odziwikiratu. Adzamufunsa tsiku limene anagonana komaliza, ngati anavala kondomu, ndi anthu amene wagona nawo posachedwapa. Apa ndi pamene ambiri amanama. Komatu adokotala safunsa kuti aweruze mlandu wa banja. Masiku amawathandiza kuzindikira nthenda, chifukwa chinzonono chimaonekera kwa abambo patangopita masiku ochepa, pamene chilonda cha chindoko chimatha kutenga pafupifupi masabata atatu, sichipweteka, ndipo chimapola chokha nthenda idakali m'thupi. Choncho chilonda chimene chinapola kale nachonso n'choyenera kuchitchula.

Masiku ndi ofunika pa chifukwa chinanso. Mankhwala a PEP, oteteza munthu amene wakhala pa chiopsezo chotenga HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Bambo wathuyu nthawi imeneyi yamudutsa, ndiye adzalangizidwa kuyezetsa magazi lero ndi kudzayezetsanso pa tsiku limene aphungu amuuze. Koma amene zamuchitikira dzulo, kaya kondomu yang'ambika kaya wagwiriridwa, asadikire kuti manyazi athe. Apite lero lomwe, ndipo anene msanga kwa namwino kuti nkhani yake ndi ya maola.

Ngati bamboyu anagula makapusozi ku golosale n'kumwa awiri kapena atatu, anene, ndipo atenge pepala lake la mankhwalawo. Mankhwala omwa mwachisawawa amatha kuchepetsa mafinya osapha tizilombo. Mankhwala azitsamba nawonso asawabise. Ndi bwinonso asakodze kwa ola limodzi kapena awiri asanalowe, popeza mkodzo umatsuka mafinya amene adokotala akufuna kuona. Amayi nawo asatsuke m'kati mwa njira kapena kuikamo mankhwala tsiku limenelo. Kusamba kunja kokha n'kokwanira.

Kuvula n'kumene ambiri amakuopa kwambiri. Muli ndi ufulu wopempha kuti chitseko chitsekedwe, kuti wokuperekezani ayambe watuluka, kapena kuti muonedwe ndi mwamuna mnzanu kapena mkazi mnzanu. Pa chipatala chaching'ono mwina wogwira ntchito angakhale mmodzi yekha, koma mungathe kupempha kuti namwino kapena munthu wina amene mumam'khulupirira akhalepo pokuyezani. Kuyezako sikutenga nthawi yaitali.

Chotsala ndi akazi ake kunyumba. Amayi ambiri amakhala ndi chinzonono osamva chilichonse, pamene m'kati chikuwononga njira zodutsa mazira mpaka kuwalepheretsa kubereka. Bamboyu akalandira mankhwala yekha, adzatenganso nthendayo kwa mkazi wake yemwe. N'chifukwa chake azachipatala amapereka kapepala koitanira aliyense amene wodwala wagona naye. Asanatuluke afunse mosabisa kuti, "Adokotala, mayi akunyumba ndikawauze bwanji?" Aphungu amathandiza kupeza mawu ake, ndipo angathe kuwaona awiriwo pamodzi. Afunsenso tsiku lobwerera ngati mafinya sakusiya, amalize mankhwala onse ngakhale atapeza bwino mawa lake, ndipo asagonane mpaka patapita masiku 7 onse awiri atalandira chithandizo.