Pamene kompyuta sidziwa kuwerenga mizere

Kompyuta sidziwa mawu akuti "mizere" kapena "mtayakhasu", imafuna manambala. Choncho wofufuza zokolola amapatsa munda wa mtayakhasu 1, wa mizere 0. Tiyerekeze kuti:

zokolola = 10 + 2D + 3F + 1(D×F)

D ndi kalimidwe, F ndi matumba a feteleza. Popanda feteleza, wa mizere akolola matumba 10, wa mtayakhasu 12. Koma taonani D×F: thumba lililonse la feteleza limawonjezera matumba 3 pa mizere, pomwe pa mtayakhasu limawonjezera 4. Apa mpomwe ambiri amaphonya, ponena kuti mtayakhasu umaposa ndi matumba 2 basi. Pothira matumba awiri, kusiyanako kumafika pa 4.