Chiwongoladzanja Chikayamba Kubereka Chinzake

Tiyerekeze kuti amayi awiri aika K100,000 aliyense kubanki, pa akaunti yotsekera ndalama yopereka chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka. Woyamba amati chaka chikatha, amakatapa K10,000 yakeyo n'kugwiritsa ntchito. Wachiwiri amauza banki kuti iphatikize phindulo ku mpamba n'kutsekanso.

Chaka choyamba onse apindula mofanana. Chaka chachiwiri, wosatapa uja chiwongoladzanja chake chawerengedwa pa K110,000, ndiye wapeza K11,000. Wamposa mnzake ndi K1,000 yokha basi, yoti wina angaseke n'kunena kuti palibe chimene akudikirira. Komatu K1,000 imeneyi yabadwa kuchokera ku chiwongoladzanja cha chaka chatha, ndipo nayonso chaka chamawa ibereka. N'chimodzimodzi woweta mbuzi amene sagulitsa ana aakazi: pakapita nthawi, anawo nawonso amayamba kuswa.

Pakatha zaka 10, mayi woyamba, tikaphatikiza mpamba ndi zonse zimene watapa, wafika pa K200,000. Mnzake ali ndi K259,374. Zikakwana zaka 20, woyamba ali pa K300,000, wachiwiri pa K672,750. Pofika zaka 30, wina K400,000, wina ndalama zoposa K1.7 miliyoni.

Taonani pamene phindu lalikulu labisala. M'zaka 10 zoyambirira ndalama ya wachiwiriyu yakula ndi K159,374, koma m'zaka 10 zomaliza yakula ndi ndalama yoposa K1 miliyoni. Peresenti sinasinthe, chakula ndi mpamba umene ikuwerengedwapo. N'chifukwa chake wothyola akaunti pakatikati amataya zaka zonenepa kwambiri, zakumapetozo.

Pali masamu achidule odziwira kuti ndalama idzawirikiza kawiri liti: gawani 72 ndi peresenti imene mukulandira. Pa 10 peresenti ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndi miyezi ingapo. Pa 6 peresenti ndi zaka 12.

Koma tisanamizane. Mitengo ya zinthu nayo imakwera mounjikana chomwechi, chaka chino pamwamba pa chaka chatha. Ngati zinthu zikukwera ndi 25 peresenti pachaka pamene banki ikukupatsani 10, manambala m'buku akukula koma matumba a feteleza amene mungagule akuchepa. Amene anali ndi ndalama kubanki pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akuzidziwa bwino zimenezi. Msonkho wa pa chiwongoladzanja ndi ndalama zimene banki imadula pa akaunti nazonso zimadya phindu lisanayambe kubereka.

Choncho musanasaine pepala lililonse, funsani kuti chiwongoladzanjacho chiziphatikizidwa ku mpamba kapena chizilowa mu akaunti ina, komanso kangati pachaka. Kenaka yerekezani peresentiyo, msonkho utachotsedwa, ndi mmene mitengo ikukwerera pamsika.