Invoisi ikafika yosawerengeka

Invoisi ya simenti yabwera pa foni ili mbuu, manambala atamatirirana. Musamangolemba kuti "sikuoneka", chifukwa wogulitsayo adzajambulanso mothamanga ngati poyamba. Tchulani malo enieniwo:

"Bambo, zikomo potumiza invoisi. Sitikutha kuwerenga nambala yake, tsiku, TPIN yanu ndi ndalama za VAT. Pa mzere wachitatu sitikudziwa ngati matumba ndi 30 kapena 80. Chonde ijambuleninso yonse pamalo owala, pepala litayalidwa bwino, mutumize ngati PDF kuti tilipire Lachisanu."

Mawu a PDF ndi ofunika, pakuti WhatsApp imachepetsa chithunzi pochitumiza, timalemba ting'onoting'ono nkufufutika. Ndipo nambala yokayikitsa musailembe mongoganiza: matumba 50 ndi ndalama zambiri.